Foni pa chiwongolero: pamene lamulo likugwirani, ndi pamene ngozi imayambira

Imani pa maloboti a pa Manda Hill cha m'ma 5 koloko madzulo, muyang'ane m'magalimoto amene akudikira kulowera ku Chelstone. Muona mitu yambiri yowerama ndiponso nkhope zowala ndi kuwala kwa foni. Loboti ikasintha, wakutsogolo sanyamuka mpaka wam'mbuyo ataliza hutala. Madalaivala ambiri a mu Lusaka amadziwa kuti foni ndi mlandu, koma mukawafunsa kuti mlanduwo umayambira pati, aliyense ali ndi yankho lake. Wina akuti bola usaiike kukhutu. Wina akuti kuwerenga meseji si kuimba foni. Winanso akuti galimoto ikaima pa loboti ndiye kuti sukuyendetsa.

Lamulo lalikulu la pamsewu m'Zambia ndi Road Traffic Act, nambala 11 ya chaka cha 2002. Ndi lamulo lomweli limene linakhazikitsa bungwe la RTSA, lija ambiri timangolitchula kuti Ratsa, ndipo amene amaonetsetsa kuti likutsatidwa ndi a Ratsa pamodzi ndi apolisi a pamsewu. Pa nkhani ya foni, chimene lamuloli limaletsa ndi kugwiritsa ntchito foni yogwira m'manja uku ukuyendetsa galimoto pamsewu. Ndiye pali zinthu ziwiri zimene wapolisi amayang'ana: kodi foni ili m'dzanja lanu, ndipo kodi ndinu amene mukuyendetsa panthawiyo.

Pa choyambacho mpamene anthu ambiri amadzinamiza. Amene amatsegula sipika n'kugwira foni patsogolo pa kamwa ngati akudya chitumbuwa sanathawe mlandu, chifukwa foniyo idakali m'dzanja. Amene akujambula uthenga wa mawu pa WhatsApp chala chili pa batani, amene akusankha nyimbo, amene akutumiza ndalama kwa mlamu wake, amene akujambula kanema wa ngozi imene waipeza pa Kafue Road, onsewa akugwiritsa ntchito foni ili m'manja. Kuipana pakati pa phewa ndi khutu nakonso si njira yozembera. Khosi limakhota, kalilole wa mbali imodzi saonekanso, ndipo foni ikaterereka dzanja limathamangira kukaiwakha lisanaganize n'komwe. Madalaivala a mathiraki amene amatsika mpaka ku South Africa adziwe kuti kumeneko lamulo linachita kulemba momveka kuti foni isagwiridwe ndi dzanja kapena ndi mbali ina iliyonse ya thupi.

Chachiwiri, za kuima pa loboti kapena mu mdipiti wa magalimoto pa Lumumba Road. Galimoto ili m'kanjira kake pamsewu, injini ikulira, phazi lili pa buleki, ndipo masekondi angapo akubwerawa muyenera kunyamuka. Ulendo sunathe, ndipo amene akulamulira galimotoyo ndinu. Mfundo yakuti "ndinali nditaima" ndi yofooka kwambiri moti sitingalangize munthu kuidalira. Kuima kumene kulibe mkangano ndi kupatuka, kuchoka m'njira ya magalimoto ena, kuika giya pa P kapena kukoka handibuleki. Pamenepo imbani mpaka batire lithe.

Chindapusa chake m'malamulo sichilembedwa m'makwacha koma m'mayuniti a chilango, ndipo boma limasintha mtengo wa yuniti imodzi nthawi ndi nthawi. Mu 2024 yunitiyo inakwera kuchoka pa 30 ngwee kufika pa 40 ngwee, kutanthauza kuti mlandu uliwonse wa mayuniti 1,000 unachoka pa K300 kufika pa K400 popanda kusintha mawu a lamulo. N'chifukwa chake mnzanu amene anagwidwa zaka zitatu zapitazo amatchula ndalama ina, inu n'kuuzidwa ina. Mukagwidwa pali njira ziwiri: kuvomera mlandu n'kulipira chindapusa, kapena kukana n'kukaonekera kukhoti. Mukasankha kulipira, onetsetsani kuti mlandu walembedwa ndipo mwalandira lisiti ya boma. Kandalama kopinda m'kati mwa laisensi ndi mlandu wina wa ziphuphu, waukulu kuposa umene munali nawo poyamba.

Koma chindapusa cha foni ndi chaching'ono poyerekeza ndi milandu ina imene ili m'lamulo lomweli. Muli mlandu woyendetsa mosasamala, muli woyendetsa moika ena pa ngozi, ndiponso muli wopha munthu chifukwa choyendetsa moopsa, umene ungakulowetseni m'ndende ndi kukulanditsani laisensi. Milandu imeneyi safunsa kuti foni inali m'dzanja kapena pa choikapo. Amafunsa mmene galimoto inayendera. Ngati foni yanu ili pa choikapo chake bwinobwino, koma munali kulemba adiresi pa mapu n'kuwomba kumbuyo kwa minibasi imene inaima pa Northmead, simunganene kuti munatsata lamulo. Munayendetsa mosasamala, ndipo foni ija ndiyo umboni wake. Zolembedwa za m'foni sizinama: nthawi imene meseji inatumizidwa ndi nthawi imene foni inaimbidwa zimalembedwa mpaka pa mphindi yake.

Masekondi awiri ndi mamita angati

Dalaivala akamati "ndangoyang'ana pang'ono" amawerenga nthawi, pamene msewu umawerenga mtunda. Kuti mudziwe mamita amene galimoto ikudutsa pa sekondi imodzi, gawani liwiro ndi 3.6. Pa makilomita 40 pa ola ndi mamita 11 pa sekondi. Pa 60 ndi pafupifupi mamita 17. Pa 100, monga mmene ambiri amayendera akangodutsa Chongwe, ndi pafupifupi mamita 28.

Tiyeni titenge chitsanzo chimodzi n'kuchiyenda mpaka pamapeto. Muli pa Great East Road masana, msewu ndi wouma, matayala ndi mabuleki zili bwino, liwiro ndi 60. Mamita 50 kutsogolo kwanu, mwana wasukulu watulukira kutsogolo kwa minibasi imene ikutsitsa anthu. Dalaivala amene maso ake ali pamsewu amafuna pafupifupi sekondi imodzi ndi theka kuti aone chinthu chosayembekezereka, azindikire kuti ndi ngozi, achotse phazi pa mafuta n'kuliika pa buleki. Panthawi imeneyo galimoto yadya kale mamita 25 pa liwiro lonse. Kuponda buleki mwamphamvu pa phula louma kumafuna mamita ena pafupifupi 20. Zonse pamodzi ndi mamita 45. Galimoto yaima, mwana ali mamita 5 kutsogolo, mtima uli m'mwamba koma palibe wavulala.

Tsopano dalaivala yemweyo, pamalo pomwepo, watsitsa maso masekondi awiri okha kuti aone amene watumiza meseji. Mamita 33 apita iye asakuona kanthu. Pamene akukweza mutu, mwana ali pa mamita 17. Koma paja phazi limafuna mamita 25 kuti lifike pa buleki. Ndiye kuti amuwomba mwanayo pa liwiro lonse la 60, buleki asanaikhudze n'komwe. Pa ngozi zotere apolisi akafika sapeza mizere ya matayala pa phula malo owombanawo asanafike, ndipo chimenecho chingawauze kuti dalaivala sanali kuyang'ana kutsogolo.

Ndipo masekondi awiri ndi ochepa. Kafukufuku wa ku Virginia Tech ku America, amene anatuluka mu 2009, anaika makamera m'mathiraki n'kupeza kuti dalaivala akamalemba meseji maso amachoka pamsewu pafupifupi masekondi 4.6, ndipo mpata wochita ngozi kapena kutsala pang'ono kuichita unkakwera maulendo 23. Pa liwiro la 100, masekondi 4.6 ndi mamita oposa 125.

Pali dalaivala wachitatu, ndipo ndi amene ambiri safuna kumva za iye. Foni yake ili pa Bluetooth, manja onse ali pa chiwongolero, maso ali kutsogolo, koma akukangana ndi mwini nyumba za lendi. Tingoyerekeza kuti mkanganowo wamuchedwetsa ndi theka la sekondi basi. M'malo mwa mamita 25, adya mamita 33 asanaponde buleki, n'kutsala ndi 17 pamene akufunika 20. Afika pa mwana uja galimoto ikuyendabe pafupifupi makilomita 24 pa ola. Wapolisi amene anali pambali pa msewu sakanamuimitsa, chifukwa m'dzanja munalibe kanthu, koma mwana wagona pansi.

Apa mpamene lamulo ndi ngozi zimasiyana njira. Lamulo linaika malire pa dzanja chifukwa dzanja ndi limene wapolisi angathe kuliona galimoto ikudutsa. Koma foni imaba zinthu zitatu: dzanja, maso ndi maganizo, ndipo zida zolankhulira osagwira foni zimangobweza ziwiri zoyambazo. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO limanena kuti woyendetsa akugwiritsa ntchito foni ali ndi mpata wochita ngozi wochuluka pafupifupi kanayi, ndipo kulankhula osagwira foni sikuchepetsa ngoziyo kwenikweni. Zimenezi zinaoneka kale mu 1997 ku Toronto m'dziko la Canada, pamene ofufuza anayerekeza nthawi za mafoni a madalaivala 699 ndi nthawi zimene anachita ngozi.

Wina afunsa kuti nanga kucheza ndi munthu amene wakhala pampando wa pambali kukusiyana pati? Kusiyana kulipo. Mnzanu wa m'galimoto akuona msewu womwewo. Mukamalowa pa Kabwe Roundabout amayamba wakhala chete, kapena amakuuzani kuti "njinga iyo". Wa pa foni saona chilichonse. Mukakhala chete masekondi awiri kuti mudutse thiraki, iye ali kale pa "halo, halo, mukundimva?", ndipo ulemu umakukakamizani kuyankha panthawi yolakwika. Netiweki ikamadukaduka zimaipiraipira, chifukwa mutu umalimbana ndi kulumikiza mawu oduka.

Mungadzizindikire nokha kuti foni yakutengani maganizo. Liwiro limatsika ndi kukwera popanda chifukwa. Mumasiya kuyang'ana m'makalilole, maso amangouma pa galimoto yakutsogolo. Mumadutsa pokhotera panu pa msewu umene mumayenda tsiku lililonse, kapena mumafika pa Arcades osakumbukira mmene mwadutsira pa Munali. Ndiponso maganizo sabwerera nthawi yomweyo mukadula foni. Ofufuza a pa yunivesite ya Utah anapeza mu 2015 kuti kusokonezekako kumatha kupitirira mpaka masekondi 27 munthu atamaliza kulamula foni ndi mawu. Ndiye amene amawerenga mameseji pa loboti yofiira amanyamuka nalo bodza lakuti wamaliza, pamene mphambano yonse, malo amene oyenda pansi ndi ogulitsa malonda amadutsa pakati pa magalimoto, waidutsa mutu udakali m'foni.

Zimene zimathandizadi

Njira yoposa zonse ndi yosafuna kugula kanthu: foni ikhale pamene dzanja silifika, monga m'chikwama pampando wakumbuyo, ndipo isalire. Pa iPhone lowani mu `Settings`, kenako `Focus`, musankhe `Driving`. Mungaikonze kuti iziyaka yokha ikalumikizana ndi Bluetooth ya galimoto ndi kuti iziyankha yokha amene akutumizirani meseji. Pa mafoni a Android gwiritsani ntchito `Do Not Disturb`. M'menemo mungalole manambala ochepa, monga a kunyumba ndi a kusukulu kwa ana, komanso muli `Repeat callers`, imene imalola foni kulira ngati munthu yemweyo waimbanso kachiwiri pasanathe mphindi 15. Mukamva yalira motero mwadziwa kuti ndi nkhani yofunika kupatukira.

Popatuka paliponso nzeru yake. Malo abwino mu tauni ndi pothirira mafuta, poimika magalimoto pa masitolo, kapena kamsewu ka m'mbali. Pa siteji ya minibasi ayi, pamwamba pa mlatho ayi, pakona kapena kuseri kwa chitunda ayi. Pa msewu wa ku Kabwe kapena wa ku Kafue usiku, matayala onse anayi achoke pa phula. Galimoto yoima theka lili mumsewu, mwini wake ali pa foni, ndi imene mathiraki amaikolopa kumbuyo.

Koma pali anthu amene foni ndiyo ofesi yawo: oyendetsa Yango, operekera katundu pa njinga zamoto, madalaivala a makampani. Kuwauza kuti aitsekere m'chikwama n'kungotaya mawu. Kwa iwowa nkhani ndi kuchepetsa kugwira ndi kuyang'ana.

Yambani ndi choikapo foni. Chiikeni pamene diso lingafike osatsitsa mutu, monga pakona yakumanja ya galasi lakutsogolo cha m'munsi, kapena pa zotulutsira mphepo pafupi ndi chiwongolero. Chisatseke msewu pakati pa galasi, ndipo chisakhale pamalo pamene pamatulukira chikwama cha mpweya chija chimaphulika pa ngozi, chifukwa chikaphulika foni imasanduka mwala. Zoikapo zomata pa galasi zimavuta mu Okutobala: labala imafewa ndi kutentha, fumbi limalowa pansi pake, ndipo pa hampu yoyamba foni ili pansi pa mapedulo. Pukutani galasi ndi sipiriti liume musanamate, ndipo muziyesa kuchikoka m'mawa uliwonse. Foni ikagwa muli pa liwiro, isiyeni pomwepo mpaka mutaima. Kuwerama kukaitola kumatembenuza phewa, ndipo phewa limakoka chiwongolero kupita kumene mwaweramira. Dzuwa nalonso limatenthetsa foni mpaka kuwala kwake kuchepa kapena mapu kuzima, ndiye choikapo cha pa zotulutsira mphepo chimapambana ngati galimoto ili ndi mpweya wozizira. Waya wa chaja ukhale waufupi, usazungulire giya.

Adiresi ilembedwe galimoto isananyamuke, mawu a mapu akhale otsegula kuti muzimva pokhota m'malo moyang'ana. Pa Google Maps mungasunge mapu a Lusaka yonse m'foni kudzera pa `Offline maps`, kuti bandulo ikatha pakati pa ulendo musayambe kugula ina muli pa chiwongolero. Kasitomala akasintha kopita, patukani mphindi imodzi mulembe, kapena asinthe yekha pa foni yake. Oda yatsopano ikalira muli pakati pa mphambano, kuiphonya n'kotchipa kuposa bampala ya Hilux imene ili kutsogolo kwanu.

Ndalama za pa foni zimafuna chenjezo lakelake. Mukaimba nambala yotumizira ndalama yoyamba ndi kanyenyezi ija, mndandanda umatseka wokha mukachedwa kuyankha, ndiye umakuthamangitsani: kusankha, kulemba nambala ya manambala khumi, ndalama, nambala yachinsinsi, kutsimikiza dzina. Zimenezi n'zoopsa kuposa meseji wamba chifukwa sizilola kuti mukweze maso n'kubwereranso. Kulipirana kuchitike galimoto itaima. Mu minibasi, foni ya bizinesi ikhale ndi kondakitala. Ndiye amene ayenera kuyankha bwana akafuna kudziwa za ndalama ya tsikulo, kapena mnzake akamafunsa ngati pa City Market pali anthu.

Ambiri amagula kachipangizo kolowetsa pa choyatsira ndudu kamene kamatenga mawu a foni pa Bluetooth n'kuwaponya pa wailesi ya galimoto, kenako n'kumadandaula kuti anagulitsidwa chakufa. Nthawi zambiri vuto si chipangizocho. Magalimoto ambiri a mu Lusaka, ma Vitz, ma Allion, ma Noah, anabwera kuchokera ku Japan ndi mawailesi amene FM yake imayambira pa 76 kulekezera pa 90, pamene kachipangizoko kamayambira pa 87.5 mpaka 108. Zimakumana pakati pa 87.5 ndi 90 pokha. Sankhani nambala m'kati mwa mpata umenewu pamene palibe siteshoni ikumveka, muike yomweyo pa zonse ziwiri. Ngati m'galimoto munaikidwa kale kabokosi kowonjezera masiteshoni, nambala yooneka pa wailesi siigwirizana ndi yeniyeni, ndiye muzisakasaka mpaka mutamva mawu a foni. Zonsezi zichitikire pakhomo. Wailesi ikakhala ndi bowo lolembedwa `AUX`, waya wamba ndi wodalirika kuposa zonsezi.

Zomvera za m'makutu, ngati palibe njira ina, ikani khutu limodzi lokha. Makutu onse akatsekeka simumva hutala, ambulansi, kapena njinga yamoto imene ikudutsa kumanzere kwanu, ndipo zomvera zamakono zochotsa phokoso zimatseka ndendende mawu amene dalaivala amafunika kumva. Kwa wa njinga yamoto, foni yolowetsa m'kati mwa chisoti imakankha chisoticho kuti chisakhale bwino pamutu, ndipo ambiri amamasula lamba wa pachibwano kuti ikwane.

Ngakhale zida zili bwino, foni ya pa ulendo ikhale ya mawu ochepa: "Ndikuyendetsa, ndifika pakatha mphindi 20, ndikuimbirani." Nkhani za maliro, za ngongole, za mitengo ya katundu zimene zikufuna kuwerengera, zidikire. Ndipo pali malo amene ngakhale foni yachidule isayankhidwe: pozungulira, podutsa galimoto ina, pafupi ndi sukulu, mvula ikamagwa, ndi m'misewu ya m'makomboni monga Kalingalinga ndi Mtendere mmene ana, mawilibala ndi agalu zimagawana msewu ndi magalimoto.

Mbali ina ya vutoli ili ndi amene akuimba. Bwana amene amakalipa dalaivala wake akapanda kuyankha pa kulira koyamba ndiye akumuphunzitsa kuyankha ali pa liwiro. Kampani imene ili ndi magalimoto ingathe kugwirizana ndi madalaivala ake kuti foni yophonyedwa ibwezedwe pasanathe mphindi 15 kapena pa malo oimapo otsatira, ndipo pa maulendo aatali monga wa ku Chipata pakhale malo odziwika oimbirana, monga pa Luangwa ndi pa Petauke. Kunyumbanso n'chimodzimodzi: mukamva phokoso la msewu kumbuyo kwa mawu a amuna anu kapena a mwana wanu, funsani kuti "Kodi muli pa chiwongolero?", ndipo akavomera dulani ndinu. Wokwera minibasi kapena takisi amene dalaivala wake akulemba mameseji ali ndi ufulu womuuza mwaulemu kuti "Adalaivala, foniyo apatseni akondakitala." Akakana, lembani nambala ya galimoto, malo ndi nthawi, muimbire a Ratsa pa nambala yawo yaulere ya 983.